Mafomu a anthu osiya ntchito asanduke bwanji lipoti la mabwana

"Anzanga a mu ofesi yoona za ogwira ntchito ndithandizeniko. Ndili ndi mulu wa mafomu a intavyu yotsanzikana ya anthu amene asiya ntchito miyezi sikisi yapitayi, ndiye mabwana akufuna lipoti lachidule. Pafupifupi aliyense analemba kuti malipiro. Ndingolemba zomwezo?"

Ayi achemwali musathamangire kulemba zimenezo, mukatero mabwana angoti ndalama zokwezera malipiro palibe, nkhani yathera pompo, anthu nkumapitabe. Munthu amene akuchoka amafuna achoke bwino, akudziwa kuti mawa adzafuna kalata yomuchitira umboni kuchokera kwa inu nomwe, ndiye malipiro ndi yankho losakhumudwitsa aliyense. Komanso si bodza kwenikweni, kumene akupitako nthawi zambiri amuwonjezeradi kangachepe. Koma chimene chamukoka kumeneko ndi china, chimene chinamuyambitsa kusaka ntchito ali pampando panu ndi chinanso, ndipo lipoti lanu lifunika chachiwirichi chifukwa ndi chimene kampani ingathe kukonza. Werengani fomu yonse, makamaka kumunsi komwe munthu amalemba momasuka, mupeza wolemba malipiro pamwamba yemweyo akuti zaka zinayi ali pa giredi imodzi kapena supavaiza amamukalipira pagulu.

Tsegulani Excel, munthu mmodzi mzere umodzi, dzina osalemba, ingompatsani nambala. Makolamu akhale dipatimenti, zaka zimene wagwira, mmene wachokera, chifukwa chimene wanena, chifukwa chimene chinamuyambitsa kusaka, ndiponso ngati ndi munthu woti kampani ikadakonda kumusunga. Pa zifukwapo musakopere mawu ake, pangani magulu ochepa, mwina sikisi kapena eyiti basi, monga malipiro, kukwezedwa, utsogoleri wa bwana wake, kuchuluka kwa ntchito, za pabanja kapena kusamuka, sukulu. Aliyense alowe gulu limodzi lalikulu, ngati pali chachiwiri chiikeni kolamu ina, apo ayi manambala anu aposa anthu amene anachoka ndipo wina pa miting'i akugwirani pomwepo. Mukaona gulu la "zina" latupa kuposa enawo dziwani kuti magulu anu sanakhale bwino, bwererani mukawerengenso. Ndipo ngati muli ndi mnzanu muofesimo mpatseni mafomu angapo agawe payekha osaona zanu, mukasiyana kwambiri ndiye kuti simunagwirizane kuti gulu lililonse likutanthauza chiyani. Kuwerenga kwake nkosavuta, ngati zifukwa zimene zinawayambitsa kusaka zili mu kolamu F:

```
=COUNTIF(F2:F16,"utsogoleri*")
```

Tiyerekeze chonchi, manambalawa ndangopeka kuti muone njira. Kampani ili ndi anthu 200, pa miyezi sikisi achoka 24. Choyamba chotsanimo amene sanachoke mwa kufuna kwawo, tinene 4, wina anachotsedwa ntchito, wina wapuma, awiri kontirakiti inatha. Otsala 20 ndi amene anasiya okha, ndiye 20 pa 200 ndi 10 peresenti pa miyezi sikisi, mulembe momveka kuti ndi miyezi sikisi osati chaka, chifukwa bwana akaona 10 aziyerekeza ndi nambala ya chaka chonse chatha nkumati zili bwino. Mwa 20 aja amene anayankha mafunso ndi 15, izinso zilembedwe pamwamba, poti asanu osayankhawo mwina ndi amene anachoka atakwiya kwambiri ndipo mawu awo mulibemo. Pa 15 amenewo 10 anati malipiro. Koma mutawerenga bwino chimene chinawayambitsa kusaka mwapeza 6 ndi utsogoleri, 4 kusakwezedwa, 3 malipiro enienidi, 2 kusamuka. Mwaona mmene nkhani yatembenukira?

Tsopano gawani pa dipatimenti, apa mpamene ambiri amaphonya chifukwa amangowerenga mitu ya ochoka osaona kukula kwa dipatimentiyo. Tinene 9 mwa 20 aja achokera ku zamalonda komwe kuli anthu 30, ndiye 30 peresenti, pomwe 11 enawo achokera mwa anthu 170 otsalawo, kumeneko ndi 6.5 peresenti chabe. Vuto si la kampani yonse, lili pakona imodzi. Onaninso zaka zimene anagwira, amene akuchoka chaka chisanathe nthawi zambiri zikuloza ku kalembedwe ka ntchito kapena mmene analandiridwira, mwina anawalonjeza zina nkupeza zina, pomwe wochoka atagwira zaka zitatu zinayi kawirikawiri ndi uja waona kuti kutsogolo kwatsekeka.

Lipotilo likhale peji imodzi, matebulo ambiri apite kumbuyo kwa ofuna kufufuza. Chiganizo choyamba chinene kale zimene mwapeza, mwachitsanzo kuti pa miyezi sikisi anthu 20 asiya okha, pafupifupi theka achokera ku zamalonda, ndipo mwa 15 amene anayankha 10 anayamba kusaka ntchito chifukwa cha utsogoleri ndi kusakwezedwa. Kenako katebulo kamodzi ka zifukwa, kenako zoti achite ziwiri kapena zitatu, chilichonse chikhale ndi mwini wake ndi tsiku. Zolemba kuti "tikonze ubale pantchito" ine ndimaziona ngati kungodzaza pepala, palibe amene angadzuke Lolemba nkuyamba kuchita zimenezo. Lembani kuti mkulu wa zamalonda pamodzi ndi ofesi yanu akhale pansi ndi anthu 21 otsalawo mwezi uno usanathe, kapena kuti aunike onse amene akhala giredi imodzi zaka zoposa zitatu. Anthu akakhala ochepa chonchi lembani 6 mwa 15 osati 40 peresenti yokha, chifukwa munthu mmodzi akasintha gulu peresentiyo imadumpha kwambiri. Ndipo muzilemba kuti ochokawo anena zakuti, osati kuti supavaiza wakuti ndi wankhanza, inu mwamva mbali imodzi yokha.

Za chinsinsi samalani kwambiri. Dipatimenti ikakhala ndi ochoka osakwana asanu iphatikizeni ndi ina, poti mukalemba kuti mmodzi wa ku akaunti wazaka seveni anati bwana amakondera ndiye mwamutchula dzina basi, aliyense amudziwa. Mawu a munthu osawakopera ndendende, mabwana amazindikira kalankhulidwe ka anthu awo, afotokozeni m'mawu anu ndipo musankhe amene akuimira zonena ambiri osati amene akuwawa kwambiri. Nkhani ikangotuluka kuti zonena mu intavyu zimafika kwa bwana ndi dzina lomwe, otsatira onse azidzangolemba kuti zonse zinali bwino zikomo, mafomu anu nkukhala opanda ntchito.

Chinanso, mukapezamo wina akunena za kugwiridwagwiridwa, kufunsiridwa mokakamiza, katangale kapena ngozi pantchito, chimenecho musadikire lipoti ndipo musachibise mu gulu la utsogoleri. Chiperekeni lero lomwe kwa amene amaona za madandaulo motsata ndondomeko ya kampani yanu, ngakhale wanena ndi munthu mmodzi. Mu lipotimo mungolemba kuti nkhani imodzi yatumizidwa kukafufuzidwa, osawonjezera china.

Magulu amene mwasankha ulendo uno muwasunge omwewo kuti lipoti lotsatira mudzathe kuyerekeza, ndipo pa fomu yanuyo onjezerani funso lakuti munayamba liti kuganiza zochoka ndipo chinachitika nchiyani nthawi imeneyo. Intavyu isamachititsidwe ndi supavaiza wa munthuyo.