Mng'alu wa pakona ya zenera: ndigule nyumbayi kapena ndiisiye?

"Ndapeza nyumba yomwe yandisangalatsa, koma kuchipinda chogona kuli mng'alu wochokera pakona ya zenera kutsetserekera pansi. Mwini wake akuti ndi pulasitala chabe. Khomalo analipaka penti posachedwa. Kodi ndidziwa bwanji ngati akunena zoona? Ndipo denga, magetsi ndi madzi ndiziona motani ndisanapereke ndalama?"

Musapereke kalikonse kaye. Bwererani kunyumbako masana dzuwa likuwala, mutatenga rula, pensulo, tochi ndi sikuludiraiva, ndipo mukapemphe kuti akusiyeni muzungulire nokha mosathamangitsidwa.

Choyamba mukatuluke panja n'kukaima kuseri kwa khoma lomwelo. Mng'alu wa pulasitala umathera pamwamba pomwepo. Umakhala wopyapyala ngati tsitsi, wosafika milimita imodzi, ndipo nthawi zambiri umamwazikana uku ndi uku popanda njira yeniyeni. Umabwera pulasitala ikauma mofulumira, ndipo wopaka penti amautseka tsiku limodzi. Koma mukapeza kuti mng'alu wa mkati ulinso kunja, pamalo omwewo, wolowera komweko, dziwani kuti khoma lang'ambika mbali zonse. Pamenepo nkhani ya pulasitala yatha. Ngati kunjako njerwa zili poyera, onani ngati mng'aluwo ukuyenda mokhotakhota motsatira mizere ya simenti ya pakati pa njerwa, kutsika njerwa imodzi n'kupita chammbali, kutsikanso ina. Mayendedwe otere amasonyeza kuti mbali ina ya maziko yatitimira kapena yakwera pamene inzake ili chikhalire. Umayambira pakona ya zenera chifukwa pamenepo ndi pomwe khoma lili lofooka.

Kenako yezani kukula kwake, kumtunda ndi kumunsi komwe. Wosafika mamilimita 5 nthawi zambiri umakonzeka mosavuta. Wa pakati pa 5 ndi 15 ndi wofunika kuti injiniya wa zomangamanga auone musanagwirizane mtengo. Ukapitirira 15, kapena chala chikamalowa, khomalo lingafunike kugumula pang'ono n'kumanganso, mwinanso kulimbitsa maziko, ndipo imeneyi ndi ntchito yodula kwambiri. Ukakhala wotambasuka kumtunda n'kuwonda kumunsi, kawirikawiri kona ya nyumba ndiyo ikumira n'kumakoka khoma. Tsegulani zenera lomwelo ndi chitseko cha chipindacho. Zikamakakamira, kapena mukaona kuti chitseko anachipala m'mphepete kuti chizitsekeka, ndiye kuti felemu yapendekeka pamodzi ndi khoma.

Penti yatsopanoyo ikhoza kukuthandizani kuposa mmene mwini nyumba akuganizira. Mufunseni kuti anapaka liti. Ngati anamata mng'alu n'kupaka penti miyezi itatu yapitayo, lero mng'aluwo watulukanso pamwamba pa pentiyo, ndiye kuti khoma likuyendabe. Ichi ndicho chimene ine ndimachiopa kwambiri, kuposa kukula kwa mng'alu. Mng'alu waukulu womwe unaima zaka khumi zapitazo, mkati mwake muli fumbi ndi akangaude, ndi wabwinoko kusiyana ndi waung'ono wa m'mphepete moyera umene ukukulirakulira. Ngati wogulitsa sakufulumira, jambulani kamzere ndi pensulo pothera mng'alu, ikani timadontho tiwiri mbali iyi ndi iyo, yezani mpata wake, lembani tsiku. Mukabweranso patatha milungu ingapo muyezenso. Kungoti milungu yochepa siingakuuzeni zonse, pakuti makoma ena amatseguka m'chilimwe n'kutsekeka mvula ikagwa.

Tsopano funsani chimene chikusuntha mazikowo. Kawirikawiri ndi madzi. Dothi la makande limafufuma likanyowa, likauma limanyala n'kung'ambika, ndipo nyumba yokhala pamwamba pake imakwera ndi kutsika nalo. Ndiye imani pakona yomwe mng'alu walozako muyang'ane kumwamba. Kodi madzi a padenga amagwera pomwepo? Pansi pali kadzenje kokumbidwa ndi madzi, kapena ndere zobiriwira m'munsi mwa khoma? Bwalo latsetserekera kunyumba m'malo motsetserekera kutali? Pali mtengo waukulu pafupi, womwe mizu yake imayamwa chinyezi pansi pa maziko? Nanga paipi ya kubafa kapena dzenje la zonyansa zili mbali yomweyo? Mukapeza chifukwa chooneka ngati chimenechi mwapeza mwayi, chifukwa madzi amatheka kuwapatutsa. Mng'alu wopanda chifukwa chooneka ndi umene umandidetsa nkhawa, poti mwina maziko ndi osaya kapena anawamanga pa dothi lothira lomwe silinatsendereke.

Mita ya madzi ikuuzani ngati pali paipi yoboola pansi. Tsekani mipopi yonse, onetsetsani kuti thanki ya chimbudzi yadzaza, lembani manambala a pamita, dikirani theka la ola. Manambala akasuntha popanda wotunga, madzi akutayikira penapake, ndipo akhoza kukhala akunyowetsa maziko omwewo usiku ndi usana. Poti muli pomwepo, tsegulani shawa ndi mpopi wa kukhitchini nthawi imodzi muone ngati mphamvu ya madzi ikutsika. Koma za kudalirika kwa madzi musafunse wogulitsa. Funsani oyandikana nawo kuti madzi amatuluka masiku angati pa mlungu, nthawi yanji, komanso zimakhala bwanji miyezi youma. Migolo ndi zidebe zodzaza zili ndandanda kuseri kwa nyumba zimayankha zokha.

Padenga, yambirani patali. Mzere wa pamwamba penipeni uyenera kukhala wowongoka. Ukabwafuka pakati, matabwa afooka. Kenako kwerani mu siling'i, pondani pamatabwa okhaokha, zimitsani tochi kwa kanthawi. Paliponse pomwe pakulowa kuwala kudzera m'malata, mvula imalowanso. Yatsani tochi mufufuze mizere yakuda ya madzi pamatabwa ndi tinjira ta dothi ta chiswe. Bayani thabwa ndi sikuludiraiva, makamaka pomwe lakhala pakhoma. Ikaloweratu mosavuta, chiswe chadya mkati n'kusiya khungu lokha. Matabwa a denga akafooka kapena akakhala osamangirirana bwino amakankha makoma kunja, ndipo zimenezi zimabweretsa mng'alu wopingasa chakumtunda kwa khoma.

Muli m'mwambamo muonanso mawaya. Olumikiza pongopota n'kukulunga tepi, opanda kabokosi, kapena odyedwa ndi makoswe, ndi amene amayambitsa moto. Musawakhudze. Mukatsika pitani pabokosi la maswichi akuluakulu mufufuze swichi yoteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ya kabatani kolembedwa T kapena TEST. Mukadina, magetsi azime nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, kapena swichiyo kulibe, nyumbayo ilibe chitetezo chimenecho. Masoketi akuda ngati opserera, otentha kapena onunkha pulasitiki ndi chizindikiro choti mawaya mkati ndi okhwepa kapena aang'ono. A masoketi nthawi zambiri amayenera kukhala a 2.5 mm², a mababu 1.5 mm². Zotsalazo maso sangazione, ndipo pafunika mmisiri wa magetsi wovomerezeka kuti ayeze ndi zida zake.

Mng'alu wanuwo ukakhala wa mkati mokha, wopyapyala, zenera likutseguka bwino, pitirizani kukambirana za mtengo. Ukaonekera mbali zonse kapena ukakhala kuti wabowolanso penti, itanani injiniya wosankha nokha, osati wobwera ndi wogulitsa, akulembereni chomwe chayambitsa ndi ndalama zokonzera. Ndalama zimenezo zichotsedwe pa mtengo wa nyumba. Mwini wake akakana kuti injiniya alowe, nyumbayo isiyeni.