Ekala yomwe inagona chaka chonse ku Tsangano

"Abale m'gulu muno, ndili ndi maekala anayi cha ku Lizulu ndipo chaka chino ndikufuna kuwonjezera mbatatesi koma osachepetsa chimanga cha banja. Mlangizi anandijambulira mzere wokhota papepala, nati umenewo ndiwo malire a zokolola zanga, koma sindinamve. Kodi zimene ndikufunazi n'zotheka?"

Achimwene, pepala limenelo musalitaye, chifukwa ine ndinalimvetsa nditapsa kale, nkhokwe itauma mu Januwale chifukwa nyengo yapitayo ekala yathunthu inali itamera chisoso ndi nsongole kuseri kwa nyumba. Nanenso ndili ndi maekala anayi kuno ku Tsangano, ndipo ndikupatsani manambala a m'munda mwanga, a matumba a makilogalamu 50, monga ndinkawalembera m'kope zaka zingapo mvula ikagwa bwino, feteleza ndi anthu olima ali omwewo.

Maekala angawo safanana, monga mmene ilili minda yambiri ya kumapiri kuno. Yakumtunda kwenikweni, ya dothi lofewa losasunga madzi, imapatsa matumba 10 okha a chimanga, koma ndikaikamo mbatatesi imatulutsa 60. Yachiwiri imapatsa 15 a chimanga kapena 45 a mbatatesi. Yachitatu imapatsa 15 a chimanga kapena 30 a mbatatesi. Yakumunsi, ya dothi lamakande lomata kukhasu, imapatsa 20 a chimanga, koma mbatatesi zimawola ndi chinyezi moti sizipitirira 20. Tsono papepala lanulo mzere woimirira uwerenge chimanga, wogona uwerenge mbatatesi. Ndikadzala chimanga paliponse ndimakolola matumba 60, mbatatesi palibe. Ndikapereka ekala yakumtunda ku mbatatesi ndimatsala ndi chimanga 50 ndi mbatatesi 60. Ndikaperekanso yachiwiri ndimakhala ndi 35 ndi 105, yachitatu ikapita ndimakhala ndi 20 ndi 135, ndipo zonse zikapita ndimakhala ndi mbatatesi 155 popanda chimanga ngakhale chisononkho. Mukaika kadontho pa malo asanu amenewa n'kuwalumikiza, mupeza mzere womwe mlangizi anakujambulirani. Kunja kwa mzerewo simungafikeko ndi munda, feteleza ndi manja omwe muli nawo lero, ndipo mukaima pamzere penipeni, thumba lililonse la mbatatesi lowonjezera mumaligula ndi chimanga.

Kukhota kwakeko kuli ndi chifukwa. Ekala yoyamba inandilanda matumba 10 a chimanga n'kundipatsa 60 a mbatatesi, kutanthauza kuti thumba limodzi la chimanga linabweza asanu ndi limodzi. Yachiwiri inabweza atatu pa thumba lililonse, yachitatu awiri, yomaliza limodzi lokha. Munthu amayamba kupereka malo omwe mbatatesi zimawakonda ndipo chimanga sichichitapo bwino, kenako amatsala ndi malo omwe chimanga chimachita bwino koposa, n'chifukwa chake mtengo wa kuwonjezera mbatatesi umanka nukwera.

Chaka chomwe ndikunenachi ndinasankha dontho la 35 ndi 105. Pakhomo pathu tinalipo anthu asanu ndi atatu, ndipo kuti tidye mpaka kukolola kwina, kuphatikizapo kulipira aganyu, timafuna matumba pafupifupi 40. Ndinawerengera kuti asanu operewerawo ndidzagula ndi ndalama ya mbatatesi, yotsalayo ipite ku fizi ya ana. Mbewu yomwe ndinasunga inali yokwana ekala yakumtunda yokha. Ya ekala yachiwiri ndinapangana ndi venda wina yemwe ankabwera ndi lole kudzagula mbatatesi m'mudzi mwathu, munthu yemwe anadyapo nsima m'nyumba mwanga kangapo. Anati ali ndi mbewu yabwino yophukira kale, ndimupatse ndalama yonse, abweretsa mvula yoyamba isanagwe. Ndinagulitsa mbuzi zitatu n'kumupatsa ndalamayo m'manja, popanda kalata kapena mboni, kupatula mkazi wanga yemwe anaima pakhomo ali chete.

Tinagalauza ekalayo, tinaunga mizere, ndinagula matumba awiri a feteleza wa D Compound n'kuwaimika m'chipinda. Mvula inagwa, chimanga cha m'maekala awiri akumunsi chinamera, mbatatesi zakumtunda zinamera, koma ekala yachiwiri inangokhala mizere yopanda kanthu. Ndikamuimbira ankati lole yafera ku Biriwiri, mawa lake ankati ali pamaliro ku Dedza, sabata yotsatira ankati mbewu ili kale pa lole, ndidikire Lachisanu. Mkazi wanga anandiuza kawiri konse kuti tidzalemo chimanga nthawi isanathe, kapena nyemba zokha, koma ine ndinakana, poganiza kuti mbewu ikafika ndidzaiika kuti. Khirisimasi inadutsa. Sabata yachiwiri ya Januwale ndinapalasa njinga mpaka pamsewu waukulu mvula ikundinyowetsa, ndinafunsa mavenda anzake mmodzimmodzi, ndipo wina anandiuza mosabisa kuti munthuyo anasiya kubwera kuderali atatolera ndalama kwa alimi angapo. Ndinabwerera usiku, ndinadzera kumunda ndisanalowe m'nyumba, ndipo ndinaima pakati pa mizere ija udzu ukundifika m'mawondo. Feteleza uja anali atayamba kuuma ngati mwala chifukwa cha chinyezi cha m'chipinda. Anyamata anga awiri, omwe akanakhala akupalira ndi kukwezera mbatatesi, anayamba kuwolokera tsidya la Mozambiki kukagwira ganyu m'minda ya eni, pamene munda wa bambo wawo unali kugona. Mpaka lero ndikamuganizira munthu ameneyo mtima umandiwawa, chifukwa iye ankadziwa bwino lomwe kuti mvula siyembekeza munthu, ndipo akanangondiuza zoona mu Novembala ndikanataya mbuzi zokha, osati chaka. Kuba ndalama n'kwina, koma kumuuza mlimi kuti "mawa, mawa" nyengo yodzala ikutha ndi nkhanza yoposa kubayo.

Pokolola ndinapeza chimanga 35 ndi mbatatesi 60. Ikani dontho limeneli papepala ndipo muona kuti silili pamzere, lili m'kati mwake. Ndi chimanga 35 chomwecho ndikanatha kukhala ndi mbatatesi 105, choncho ndinataya matumba 45 a mbatatesi popanda chimanga chilichonse chobwezera. Kapena, ndi mbatatesi 60 zomwezo ndikanatha kukhala ndi chimanga 50 ndikanamvera mkazi wanga, ndipo matumba 15 amenewo ndi omwe anatisowetsa mtendere mu Januwale ndi Febuluwale wa chaka chotsatira, pamene ndalama ya mbatatesi inali itathera ku fizi ndipo tinkagula ufa wa m'timapepala. Pamzere munthu amataya china kuti apeze china, koma m'kati mwa mzere amangotaya, chifukwa pali malo, feteleza kapena manja omwe alipo koma sakugwira ntchito.

Apa ndi pamene pali yankho lanu. Ngati muli kale pamzere, mbatatesi zowonjezera zidya chimanga, palibe kuchitira mwina. Ngati muli m'kati, mungathe kuwonjezera popanda kuchepetsa kanthu. Ndiye yendani m'munda mwanu ndi maso atsopano, muone ngati pali ndime yomwe inatsala chaka chatha chifukwa mbewu inatha kapena nthawi inapita, ngati pali manyowa omwe anaunjikana kukhola osafika kumunda, ngati mapando ofa munawasiya osapakiza. Palinso kulowa m'kati kobisika kumene alimi ambiri sakuzindikira chifukwa munda wonse umaoneka wobiriwira, ndiko kuika mbewu pamalo osayenera. Ine ndikanadzala mbatatesi pa ekala yamakande ija n'kudzala chimanga m'zinazo, ndikanakolola chimanga 40 ndi mbatatesi 20, pamene kungosinthanitsa malo kumandipatsa 50 ndi 60, zonse ziwiri zochuluka, thukuta ndi feteleza zili zomwezo. Ngati simukudziwa zomwe ndime iliyonse imapatsa payokha, chaka chino kololani ndime ndi ndime, muwerenge matumba musanasakanize.

Musasokoneze zimenezi ndi chaka chomwe chiwawu chaotcha masamba a mbatatesi dera lonse kapena mvula yadula mu Febuluwale. Pamenepo si inu mwalowa m'kati, koma mzere womwewo wabwerera m'mbuyo, chifukwa ngakhale wolima mosalakwitsa sangafikenso pa manambala akale. Momwemonso mzere umasunthira kunja mukapeza chinthu chatsopano, monga dimba lothirira m'chilimwe, mbewu yopanda matenda, kapena ekala yobwereka. Chinanso chomwe mzerewu sungakuuzeni ndi dontho loti musankhe. Chimenecho chimadalira mitengo ndi pakamwa pomwe mukudyetsa. Ekala yanga yachiwiri imapindula ndi mbatatesi pokhapokha ngati matumba atatu a mbatatesi, mutachotsa mtengo wa mbewu ndi mankhwala opopera, angagule thumba limodzi la chimanga n'kutsalako, ndipo muziwerengera mtengo wa chimanga wa m'miyezi ya njala, osati wa mu Meyi pamene aliyense akugulitsa.

Komabe, ngakhale masamuwo akuonetsa kuti ekala yachiwiri imapindula zaka zambiri, ine ndikukulangizani kuti musathamangire kukaima pamzere penipeni ndi zonse zomwe muli nazo. Perekani ku mbatatesi ndime imodzi yokha, yomwe chimanga chimakanika, ndipo chimanga cha banja chikhale chokwanira ndi kutsalako. Musaunge mzere ngakhale umodzi wa mbewu yomwe simunaione ndi maso ili m'nyumba mwanu itaphukira. Ngati mukudikira mbewu ya wina, dziikireni tsiku, mwachitsanzo masabata awiri mvula yodzalira itagwa, ndipo likakwana dzalanimo chimanga chocha msanga kapena nyemba osayang'ananso kumsewu. Ine masiku ano ndimasiya dala ndalama ya thumba limodzi la feteleza ili phee mpaka Januwale, ndipo mbewu ya chimanga yapadera imakhala padenga, ngakhale ndikudziwa kuti papepala zimenezi zimandiika pang'ono m'kati mwa mzere. Ekala yachiwiri ija ndimaigawa pakati, theka chimanga theka mbatatesi, ndipo mbewu yake ndimasankha ndekha m'munda mwanga pokumba.