Imelo yoyamba ya Chifalansa kuntchito: tu kapena vous?

"Aphungu, ndangolembedwa ntchito kubungwe lina lachitukuko kuno ku Lilongwe, ndipo likulu lathu lili ku Brussels. Abwana andiuza kuti ndilembere m'Chifalansa mayi wina wakumeneko yemwe tizigwira naye ntchito limodzi. Akuoneka kuti ndi wamsinkhu wanga ndipo udindo wathu ndi wofanana. Ndilembe tu kapena vous? Ndikuopa kuoneka wamwano, komanso sindikufuna kuoneka wodzikweza."

Achemwali, lembani vous, yemwe ndi inu wa Chifalansa, osati tu, yemwe ndi iwe. Pa imelo yoyamba kwa munthu amene simunalankhule naye ndi kale lonse, msinkhu ndi udindo sizisintha yankho limeneli. Chifukwa chake chagona pa kukula kwa cholakwa. Mukalemba vous pamalo pomwe onse amaitanana tu, mnzanuyo angomwetulira n'kukuyankhani kuti "On peut se tutoyer", kutanthauza kuti tiziitanana tu, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma mukalemba tu kwa munthu amene amayembekezera vous, sakuuzani. Angokuyankhani ndi vous wouma, ndipo inu muvutika kubwerera, chifukwa m'Chifalansa kuchoka pa tu kupita pa vous kumamveka ngati anthu ayambana.

Ife tili ndi mwayi poti kusiyana kwa iwe ndi inu tinakula nako, koma mwayi womwewu umapusitsa. Kwathu kuno munthu amati inu kwa bambo ake ndi mayi ake, ndipo m'mabanja ambiri mkazi ndi mwamuna amaitanana inu mpaka kukalamba, chikondi chili chonse. Olankhula Chifalansa ambiri ku Ulaya amati tu kwa makolo awo, kwa agogo awo, ngakhale kwa Mulungu popemphera. Kwa iwo chachikulu si ukulu wa munthu ayi, koma kuti mwayandikirana bwanji. Choncho vous wanu woyambayo sakunena kuti mayiyo ndi wamkulu kwa inu. Akungonena kuti simunadziwane.

Imeloyo ikhoza kuoneka motere:

Bonjour Madame,

Je viens de rejoindre l'équipe de Lilongwe. Pourriez-vous m'envoyer le dernier rapport quand vous aurez un moment ? Je vous remercie d'avance.

Bien cordialement,

Kenako dzina lanu ndi udindo wanu. Mwawauza kuti mwangolowa kumene m'gulu la ku Lilongwe, mwapempha lipoti laposachedwa akapeza mpata, ndipo mwathokozeratu. Taonani kuti pempho layamba ndi "Pourriez-vous", osati "Envoyez-moi". Onse awiri ali m'gulu la vous, koma wachiwiriyo ndi lamulo, ndipo ulemu wa vous sungabise kuti mlendo wofika dzulo akutuma mwini mudzi.

Poti mwati ndi wamsinkhu wanu, pali njira yapakati imene ineyo ndimaikonda kwambiri pamaofesi a masiku ano: kulemba Bonjour, n'kutsatiza dzina loyamba la munthuyo, koma mkati monse n'kusunga vous. Zimenezi n'zololedwa ndithu, ndipo zimaonetsa kuti ndinu womasuka koma simunadumphe mpanda. Ngati abwana anu pokutumani anamutchula mayiyo ndi dzina loyamba, tengani njira imeneyi. Mukamalembera mkulu wa bungwe, bwererani ku Madame kapena Monsieur. Mawu akuti Mademoiselle asiyeni ngakhale mayiyo akhale wosakwatiwa. Boma la France linalamula mu 2012 kuti achotsedwe pa mafomu ake, ndipo kuntchito ambiri amawamva ngati achikale. Salut nayenso ndi moni wa anthu a tu, musamuphatikize ndi vous.

Ophunzira anga ambiri sagwa posankha ayi, amagwa posakaniza. Munthu amayamba bwino ndi vous, koma pofika kumapeto dzanja lathamangira zomwe anazolowera pocheza ndi anzake m'kalasi: "s'il te plaît" m'malo mwa "s'il vous plaît", "ton rapport" m'malo mwa "votre rapport", kapena "n'hésite pas" m'malo mwa "n'hésitez pas". Lomalizali ndiye lobisalira, chifukwa liwu loti tu silioneka n'komwe, kusiyana kuli pa chilembo z basi. Musanatumize, sakani ndi Ctrl+F mawu awa limodzi limodzi: tu, te, toi, ton, ta, tes. Mukatero werengani aneni onse amene akuloza mayiyo. Pafupifupi onse azithera ndi -ez, kupatula ochepa monga êtes, faites ndi dites.

Palinso kamsampha kena kochokera ku Chichewa chathu. Ife ulemu timaufalitsa chiganizo chonse, timati abwana afika pomwe munthu ndi mmodzi. Chifalansa sichitero. Mneni yekha ndiye amatsata vous, koma mawu ofotokoza munthuyo amakhalabe a munthu mmodzi. Kwa mayi mmodzi mulemba "vous êtes invitée", popanda s kumapeto. Mukaika s, awerenga ngati mwaitana gulu.

Yankho lake likabwera, liwerengeni kawiri, kachiwiriko mukuyang'ana mmene wakuitanirani. Akalemba vous, pitirizani vous ndipo musade nkhawa. Anthu ena amagwira ntchito limodzi zaka zambiri mwamtendere ali pa vous. Akalemba tu, poti ndinu ofanana udindo, muyankheni ndi tu pa imelo yotsatira. Apa m'pamene Amalawi ambiri amakakamira vous poganiza kuti akuonjezera ulemu, pomwe winayo akumva ngati akumukankhira kutali. Akanakhala mkulu wa nthambi kapena munthu wokuposani zaka zambiri, zikanasiyana pang'ono: iye akhoza kukulemberani tu monga wamng'ono, koma inu n'kukhalabe pa vous mpaka atanena yekha kuti mumasuke. Mwambo wake ndi woti wamkulu pa udindo kapena pa zaka ndiye amatsegula khomo limeneli. Kwa mnzanu wofanana naye, mukacheza kangapo pa foni kapena pamsonkhano, mukhoza kufunsa nokha kuti "On peut se tutoyer ?" ndipo funsoli limayenda bwino pakamwa kusiyana ndi polemba.

Samalani ndi maimelo opita kugulu. Vous ndi liwunso la anthu ambiri, kotero mukaona abwana alembera anthu asanu kuti "je vous remercie", simunaphunzirepo kanthu za mwambo wa ofesiyo. Umboni weniweni uli pa imelo ya munthu mmodzi kwa mnzake mmodzi. Ngati munakopedwako maimelo otere, onani mmene anthu a udindo ngati wanu amalemberana. Kapena funsani abwana anu mwachindunji kuti a ku Brussels amaitanana bwanji. Mabungwe ena achitukuko ndi makampani ang'onoang'ono a zamakompyuta ali ndi lamulo loti aliyense ndi tu kuyambira tsiku loyamba, ndipo abwana akakutsimikizirani kuti kwanuko zili choncho, tsatirani mwambo wa nyumbayo, musiye uphungu wangawu.

Malo nawonso amasiyana. Ku Quebec anthu safuna nthawi yaitali kuti afike pa tu, pomwe m'mabanki ndi m'maofesi a boma ku France kapena ku Belgium vous amakhalitsa. Tsiku lina bungwe lanu likadzakutumani kulembera akuluakulu a boma ku Kinshasa kapena ku Abidjan, vous yekha sadzakwanira: mudzatchulenso udindo wa munthuyo pa moni, monga Monsieur le Directeur kapena Madame la Directrice.