Nkhama zikamaoneka kwambiri pachithunzi

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 34. Pazithunzi za pafoni ndikamwetulira nkhama zanga zimaoneka kwambiri, mano akutsogolo amaoneka aafupi, ndipo limodzi likukhala ngati lapendekeka. Kodi ndikaonane ndi dokotala wa mano?

Yankho: Choyamba jambulitsaninso, chifukwa chithunzi chodzijambula nokha foni ili pafupi ndi nkhope chimakulitsa mano apakati, ndipo mukapendeketsa mutu pang'ono mzere wa mano umaonekanso wopendekeka. Pemphani munthu wina aime pamtunda wa mita imodzi ndi theka, kamera ilingane ndi pakamwa panu, akujambuleni pamalo owala bwino mukumwetulira mmene mumachitira masiku onse.

Pachithunzicho yang'anani mano awiri apamwamba apakati. Kwa munthu wamkulu dzino lotere limatalika mamilimita 10 kapena 11, ndipo m'lifupi limakhala 8 kapena 9, choncho lingakuthandizeni ngati muyezo. Nkhama zikamaoneka milimita imodzi kapena awiri palibe chachilendo, koma zikafika mamilimita 4, omwe ndi pafupifupi theka la m'lifupi mwa dzinolo, timati zikuoneka mopitirira. Tiyerekeze kuti dzino lanu ndi mamilimita 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Dzino lotere nthawi zambiri si lalifupi ayi, koma nkhama zaphimba mbali yake ina, mwina chifukwa sizinabwerere m'mwamba pamene linkamera, mwinanso chifukwa zatupa. Ngati dzino ndi lotalika bwino koma nkhama zikuonekabe, ndiye kuti mlomo wapamwamba umakwera kwambiri kapena fupa la nsagwada yapamwamba ndi lalitali, ndipo izi ndi zobadwa nazo.

Chimene ine ndimachiona chofunika kuposa miyezoyi ndi kufananiza ndi chithunzi cha zaka zisanu zapitazo. Ngati kumwetulira kwanu kunali komweku, nkhaniyi ndi ya maonekedwe chabe ndipo palibe chofulumirira. Koma ngati nkhama zakula posachedwapa, zafiira, kapena zimatuluka magazi potsuka m'kamwa, pitani kuchipatala musanadutse milungu ingapo. Mankhwala ena amakulitsa nkhama, monga fenitoini wa khunyu ndiponso nifedipini ndi amulodipini a kuthamanga kwa magazi. Ngati mumamwa ena mwa amenewa musasiye nokha, koma muwauze adokotala anu.

Dzino lopendekekalo lisapeputsidwe ngati kale linali lowongoka. Dzino la munthu wamkulu likayamba kusuntha, kugwedera kapena kusiya mpata watsopano, kawirikawiri fupa lolichirikiza limakhala likudyeka ndi matenda a nkhama, ndipo foni singaonetse zimenezi. Dokotala wa mano amayeza kuya kwa mpata wa pakati pa dzino ndi nkhama, umene kwa munthu wathanzi supitirira mamilimita 3, kenako amajambula ekisire. Musavomere kuikidwa mawaya owongolera mano matendawa asanachiritsidwe, chifukwa kukoka dzino limene fupa lake likudyeka kumawonjezera kuwonongekako.