Mayina a makasitomala ali m'makope ndi m'foni: muwasonkhanitse bwanji pamodzi

*"Achemwali, ndangoyamba kukapikula nsapato ndi zikwama kunja. Makasitomala anga ena ali m'makope, ena m'foni, ndipo ndikabwerako ndi katundu sindidziwa woyamba kumuuza. Inu mumatani?"*

Achemwali anga, uthenga wofunika kwambiri pa geni yathuyi umatumizidwa musananyamuke, chifukwa mukangodutsa malire pobwerera ndiye kuti katundu mwasankha kale, ndalama zalowa kale, ndipo saizi imene simunatenge simungaibwerere. Ndiye mndandanda umene mukufunawu ntchito yake ndi kukuuzani anthu amene katundu wawo watsala pang'ono kutha pofika tsiku limene mudzabwere. Mukaumanga ndi cholinga chimenechi, mudzaona kuti zolemba zake n'zochepa.

Lamulo langa ndi lakuti munthu mmodzi akhale ndi mzere umodzi, ndipo chomuzindikiritsa chikhale nambala ya foni. Dzina silithandiza pamenepa. Tsiku limene ndinakhala pansi ndi makope anga atatu ndinapeza mayi wina amene m'kope loyamba ndinamulemba kuti "mayi wa saluni", m'lachiwiri ndinalemba dzina lake loyamba, ndipo m'foni anali "Shuzi 39". Kwa chaka chonse ndinkamuwerenga ngati anthu atatu ogula apo ndi apo, pamene anali munthu mmodzi wobwera pafupifupi ulendo uliwonse. Ndinazindikira nditaona kuti manambala anayi omaliza akufanana paliponse.

Yambirani ku makope. M'foni muli abale, madalaivala, anthu okuthandizani kuchotsa katundu pamalire, amene mumapikulako katundu, ndi ena amene munawasunga tsiku limodzi mwaiwala kuti ndi ndani. Yanga inali ndi mayina opitirira 600, koma amene anaguladi anali osakwana 100. Kope ndi limene limanena zoona za amene anatulutsa ndalama. Tengani la posachedwapa, muyambe tsamba lomaliza kubwerera m'mbuyo, mulekeze pa miyezi 12. Kuyambira kumapeto kumathandiza chifukwa koyamba kukumana ndi dzina la munthu, tsiku lili pamenepolo ndi limene anagula komaliza, ndipo ndi tsiku lomwelo limene mukulifuna. Tsamba lililonse limene mwamaliza ikani chizindikiro pakona. Ntchitoyi siitha usiku umodzi, ine inanditengera madzulo anayi.

Zonsezi ndimalemba mu Google Sheets, pulogalamu yolembera zinthu m'mizere ndi m'mizati, chifukwa imatseguka pa foni ndipo foni ikabedwa m'basi mndandanda umatsala mu akaunti. Excel imagwiranso chimodzimodzi. Mizati ndi isanu ndi itatu yokha. A ndi nambala, B dzina, C zimene amagula, D saizi kapena mtundu umene amakonda, E tsiku limene anagula komaliza, F masiku amene amatha asanabwerenso, G ngongole ngati ilipo, H ngati anavomera kulandira mauthenga. Ndinayesapo kuwonjezera tsiku lobadwa ndi kumene amakhala, koma patatha mwezi mipata yake inali yopanda kanthu, ndinangoichotsa. Mzati umene simungathe kuudzaza mutaimirira, kasitomala ali patsogolo panu, udzakhala wosadzaza mpaka kalekale.

Pa manambala ndi pamene ambiri amagwa, ndiye ndichedwapo. Musanalembe nambala ngakhale imodzi, sankhani mzati A wonse, mupite pa Format, kenako Number, musankhe Plain text. Mukapanda kutero, pulogalamuyo imaona nambala ya foni ngati nambala yowerengera, ndipo imachotsa ziro woyambirira mwakachetechete. Excel imafika posonyeza nambala yaitali mwachidule, yothera ndi E+11, ndipo mukasunga fayilo ya CSV ili choncho manambala omaliza amatayika osabwereranso. Mudzadziwa kuti zachitika mukaona manambala atatsamira kudzanja lamanja la kabokosi, chifukwa zolembedwa ngati mawu zimatsamira kumanzere.

Chachiwiri, nambala iliyonse ilembedwe m'njira imodzi: khodi ya dziko patsogolo, kenako nambala yopanda ziro woyamba uja, popanda mipata, popanda chizindikiro cha +. Kwa ife oyenda mayiko awiri kapena atatu zimenezi n'zofunika kwambiri, chifukwa nambala yoyamba ndi ziro imagwira m'dziko la mwini wake mokha. Mukaoloka n'kuika simukhadi ya kumeneko, nambala yomweyo ikakupezetsani munthu wina kapena sidzalowa n'komwe. Komanso nambala imodzi ikalembedwa pawiri, pena ndi khodi pena ndi ziro, kompyuta imaiona ngati anthu awiri.

Manambala amene mulibe m'kope mukawatenge m'foni. Ngati ndi ochepa, kopani mmodzimmodzi. Ngati ndi ambiri, tsegulani contacts.google.com pa kompyuta, mudine Export, musankhe Google CSV. Polowetsa fayiloyo mu Sheets kudzera pa File ndi Import, chotsani chizindikiro pa "Convert text to numbers, dates, and formulas" kuti manambala asasokonezeke. Mudzaona mizati yambirimbiri, koma wanu ndi wa dzina ndi wolembedwa "Phone 1 - Value". Mayina osungidwa pa simukhadi kapena m'foni momwemo satuluka mu fayiloyi, muyambe mwawasamutsira ku akaunti ya Google. Fayiloyi ikhale pa tsamba lake lapadera, muzingotengamo amene mwawapeza m'kope. Musaithire yonse mumndandanda wa makasitomala.

Mukamaliza, pezani obwereza. Pa mzati I, mzere wachiwiri, lembani izi ndipo muzikokere mpaka pansi:

```
=COUNTIF(A:A,A2)
```

Paliponse pamene patuluka 2 kapena kuposa, munthuyo walembedwa kangapo. Pali batani la Remove duplicates pansi pa Data cleanup, koma ine sindiligwiritsa ntchito pamenepa, chifukwa limasunga mzere woyamba n'kutaya inayo, ndipo wotayidwawo ungakhale umene munalembamo ngongole. Phatikizani ndi manja. Mwa mizere yanga 94, 17 inali yobwereza, ndipo panatsala anthu 77.

Masiku alembedwe chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku, monga 2025-03-02. Mukalemba 02/03, pulogalamu ina idzawerenga 2 Malichi, ina 3 Febuluwale, ndipo simudzaona kulakwako mpaka mutaimbira munthu nthawi yolakwika.

Tsopano mzati F, umene ndi mtima wa zonsezi. Nditenge chitsanzo cha mayi wa saluni uja. Amatenga mapeyala 12 a nsapato zachikazi, saizi 38 mpaka 40, n'kumagulitsa kwa amene akuwakonza tsitsi. M'makope ndinapeza kuti anagula pa 10 Disembala, pa 21 Januwale ndi pa 2 Malichi. Kuchoka pa tsiku loyamba kufika lachiwiri ndi masiku 42, kuchoka lachiwiri kufika lachitatu ndi 40. Pa F ndinalemba 40. Kenako pa mzati J:

```
=F2-(TODAY()-E2)
```

Izi zimakuuzani masiku otsala kuti munthuyo afunenso katundu. Pa 31 Malichi panali patadutsa masiku 29, ndiye panatuluka 11. Ulendo wanga unali wa pa 10 Epulo, kubwera pa 14. Ndiye kuti pofika tsiku lobwera ine, iye adzakhala atatha masiku 43, mashelefu ali mbee. Ndikanadikira kuti ndimuuze nditafika, akanakhala atatenga kale kwa wina, kapena ine ndikanabwera ndi saizi 41 ndi 42 zimene iye sazifuna.

Choncho masiku khumi ndisananyamuke ndimasanja mndandanda potengera mzati J, ndipo ndimatenga onse amene nambala yawo ili pansi pa masiku otsala kuti ndibwerere, amene pa ulendo umenewo anali 14. Anatuluka 19. Atatu anali ndi ngongole pa G, ndipo amenewo ndinawaimbira padera, chifukwa kumutumizira zithunzi za katundu watsopano munthu amene sanamalize kulipira wakale kumamuuza kuti ngongoleyo simukuiwerengera. Awiri pa H panalembedwa ayi. Otsala 14 aliyense analandira uthenga wakewake. Wa mayi uja unali wotere: "Mwaswera bwanji amayi? Ndikunyamuka pa 10, ndibwera pa 14. Zija za saizi 38 mpaka 40 ndikutengereni 12 ngati kale, kapena tisinthe?" Anayankha madzulo omwewo kuti zikhale 15, zakuda zichuluke. Mwa 14 aja anayankha 9, ndipo maoda awo ndi amene ndinayambira kulemba pa pepala lokapikulira.

Nambala ya pa F ili ndi malire ake. Munthu amene wagula kamodzi kokha simungamudziwe kayendedwe kake, ndiye ndimangomuikira masiku a pakati pa maulendo anga mpaka adzagule kachiwiri. Ogula chovala chawo okha sayenda ndi masiku ngati ogulitsanso, amayenda ndi malipiro ndi nyengo, choncho kwa iwo ndimadalira kwambiri mzati D: chikapezeka cha saizi yawo, ndimawauza. Nambala ya pa J ikatsika kwambiri kupitirira ziro, tinene -60, usakhale uthenga wa katundu. Imbani mufunse ngati katundu womaliza anali bwino. Kawirikawiri pamakhala chifukwa, zipi inaduka kapena saizi inachepa, ndipo munthuyo anachita manyazi kudandaula.

Kuti musavutike kufufuza munthu m'foni, ikani izi pa mzati K. Mukadina dzinalo, WhatsApp imatseguka pa munthuyo, ndipo apa ndi pamene kulemba nambala ndi khodi yopanda + kumakupindulirani:

```
=HYPERLINK("https://wa.me/"&A2,B2)
```

Ngati pulogalamu yanu ikukana, sinthani koma uja ndi chizindikiro cha ; chifukwa zimatengera dziko limene akaunti inaikidwa.

Mudzafuna kutumiza kwa onse nthawi imodzi ndi Broadcast. Dziwani kuti mndandanda umodzi wa Broadcast umalola anthu 256, ndipo uthenga umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Mukaona chichongi chimodzi chokha kwa masiku angapo pa munthu amene mauthenga wamba amamufika, ndiye kuti sanakusungeni. N'chifukwa chake pogulitsa ndimamupempha kasitomala asunge nambala yanga pomwepo ndikuona, ndipo ndimafunsa kuti, "Ndizikuuzani ndikamanyamuka?" Yankho lakelo ndi limene limalowa pa H. Wakana musamutumizire, ndipo musaike makasitomala pa gulu limodzi, chifukwa aliyense amaona nambala za anzake, ogulitsanso n'kuyamba kulandana anthu. Ambiri akakunenezani kuti mukuwasokoneza, WhatsApp imatha kutseka nambala yanu. Mndandandawu musabwereke mnzanu wa geni ngakhale mumagwirizana bwanji, anthuwo anapereka manambala awo kwa inu.

Kope musalitaye, pogulitsa ndi limene limafulumira ndipo silifuna netiweki. Ine ndimasamutsa za sabata yonse tsiku limodzi madzulo, mphindi 20 zimakwana: kusintha tsiku pa E kwa amene agula, kukonza G, ndi kuwonjezera mizere ya atsopano. Musananyamuke tsegulani fayiloyo pa foni muyatse "Available offline", kuti mukafika kopikula netiweki ikavuta muthe kuona saizi za anthu anu.