Kalata ya ovadilafuti: chiwongoladzanja ndi tsiku lotha

"Ndili ndi shopu ku Chibavi. Banki yandipatsa kalata ya ovadilafuti ya K5 miliyoni, ndionemo chiyani ndisanasaine?"

Achimwene, yambani ndi chiwongoladzanja. Akangolemba "reference rate plus 6%", sichokhazikika: reference rate ndi mlingo woyambira wa chiwongoladzanja umene mabanki amaulengeza mwezi uliwonse, ukakwera nanu mwakwera. Tiyerekeze zonse pamodzi ndi 30% pachaka. Mukatapa K2 miliyoni kwa masiku 30, mulipira pafupifupi K49,300, chifukwa amawerengera tsiku ndi tsiku pa zomwe mwatapa zokha.

Tsiku lotha ndiye msampha. Ine linandidutsa ndili kooda katundu ku Tunduma, ngongole yonse anayamba kuiwerengera pa chiwongoladzanja cha chilango. Pemphani zoonjezera nthawi kudakali mwezi wathunthu.

Pa chikole, ngati ndi nyumba, afunseni ngati ikuimira ngongole iyi yokha kapena zonse zomwe mungadzatenge kumeneko.