Kalata yofunsira mtengo wa zitsulo zodulidwa kale: lembani malire a utali

Funso: Ndili ndi shopu yowotcherera ku Ndirande ndipo ndapeza ntchito yopanga zitsulo zotchingira mawindo. Ulendo watha ndinaoda pafoni zitsulo zodulidwa kale za mamilimita 1200, koma zina zinabwera zazitali, zina zazifupi, ndipo ogulitsa anakana kuzibweza ponena kuti sindinawauze chilichonse. Panopa ndikufuna zidutswa 60 za chitsulo cha sikweya cha mamilimita 12. Kodi imelo yofunsira koteshoni ndiilembe bwanji kuti zimenezi zisachitikenso? — Mmisiri wa ku Ndirande

Yankho: Bambo, ngakhale kuti mawu a ogulitsawo ndi owawa, mbali ina akunena zoona. Palibe makina amene angadule zitsulo 60 n'kutuluka zonse zofanana ndendende, choncho nambala imodzi yokha ya 1200 siimuuza wodula kuti chidutswa chokanidwa chikuyambira pati. Chofunika m'kalata yanu ndi nambala ziwiri, utali wotsika kwambiri ndi utali wokwera kwambiri umene mungalandire, ndipo nambala zimenezi muzipeza pa ntchito yanuyo, osati m'mutu mwa wogulitsa.

Yambani mwapima mafelemu. Ngati zitsulozo zikulowa m'kati mwa felemu imene mpata wake ndi mamilimita 1200, chidutswa chimene chapyola ndi milimita imodzi yokha sichilowa, ndipo mnyamata wanu adzatha tsiku lonse akupala nsonga ndi galainda, madisiki akutha, komanso magetsi a ESCOM akathima ntchito yonse yaima. Koma chidutswa chimene chaperewera ndi mamilimita 4 chilowa bwinobwino, chifukwa mpatawo mugawa pawiri, mamilimita 2 mbali iliyonse, ndipo wowotcherera aliyense wodziwa ntchito amatseka mpata wotere mosavutika. Apa ndiye kuti malire anu ayenera kupendekera mbali imodzi. Pa pepala amalembedwa motere: 1200 +0/−4 mm, kutanthauza kuti chidutswa chisapyole 1200 ndipo chisatsike pansi pa 1196. Anthu ambiri amathamangira kulemba ±2 mm chifukwa ndi zimene anaona pa zojambula za ena, koma kwa inu kulemba motero n'kulola ndi dzanja lanu chitsulo cha 1202 chimene sichilowa m'felemu. Zikanakhala kuti mukuoda chitsulo chokasema shafuti ya chigayo pa makina osemera, malirewo akanapendekera kwina, monga +2/−0, popeza pamenepo pamafunika chotsalira choti musalaze kumapeto, ndipo chidutswa choperewera chimangotayidwa.

Tsopano tifike pa ndalama, chifukwa malire a utali amasintha mtengo kuposa mmene amisiri ambiri amaganizira. Zitsulo za mtundu umenewu nthawi zambiri zimagulitsidwa zazitali mamita 6. Powerengera mwachangu, 6000 kugawa ndi 1200 zikupereka zidutswa zisanu, ndiye kuti zidutswa 60 zituluka pa zitsulo 12. Koma mpeni wodulira umadya chitsulo. Disiki yaikulu yodulira, ija imathetheka moto, imadya pafupifupi mamilimita 3 podula paliponse, ndipo kuti mupeze zidutswa zisanu muyenera kudula kanayi, kutanthauza kuti mamilimita 12 asanduka fumbi. Wodula akalimbikira kuti chidutswa chilichonse chikhale 1200 ndendende, zinayi zoyamba zitenga 4812 pamodzi ndi fumbilo, ndipo chotsala chikhala 1188, chimene chaperewera ndi mamilimita 12. Ndiye kuti chitsulo chilichonse chikupatsani zidutswa zinayi zokha, ndipo pa zidutswa 60 mulipira zitsulo 15 m'malo mwa 12. Zitsulo zitatu zoonjezerazo ndi makilogalamu pafupifupi 20, popeza sikweya ya mamilimita 12 imalemera makilogalamu 1.13 pa mita, ndipo mtengo wa chitsulo wakwera ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pa chinthu chimene kasitomala wanu sadzachiona n'komwe.

Mukalola malire a +0/−4, wodula akhoza kuika choimitsira chake, kachitsulo kamene nsonga ya chitsulo imagunda kuti utali uzifanana, pa 1197. Zidutswa zisanu zitenga 5985, fumbi litenga 12, zonse pamodzi 5997, ndipo zakwana pa chitsulo chimodzi cha 6000. Mpata wotsala ndi wochepa kwambiri, mamilimita 3 okha, choncho zimenezi zimatheka pokhapokha chitsulocho chikhale chokwanadi mamita 6 ndiponso nsonga zake zikhale zosaphwanyika. Ngati ogulitsawo ali ndi macheka a lamba, amene amadya pafupifupi theka la zimene disiki imadya, mpatawo umakula pang'ono. Komanso samalani, chifukwa pali zitsulo zina zimene zimabwera zazitali mamita 5.8, ndipo pa zimenezo mupeza zidutswa zinayi basi, n'kutsala ndi chotsalira cha pafupifupi mita imodzi, kaya malire mwalemba otani. N'chifukwa chake kalata yanu iyenera kufunsa utali wa zitsulo zimene ali nazo m'sitolo musanagwirizane mtengo.

Langizo langa n'lakuti musapanikize malire kungofuna kuoneka okhwima. Mukalemba ±0.5 mm pa ntchito ya mawindo, wogulitsa wachilungamo akweza mtengo wodulira kapena akuuzani kuti makina ake sangakwanitse, pamene wosasamala angovomera n'kudula mmene amadulira masiku onse. Ngakhale tepi imene mudzapimire imatha kusiyana ndi ya mnzanu ndi theka la milimita pa utali woterewu.

Kalatayo ikhale yaifupi, ndipo mutu wake unene zonse: "Pempho la koteshoni: sikweya 12 mm, zidutswa 60, utali 1200 +0/−4 mm". M'kati mwake mukhoza kulemba chonchi:

"Okondedwa Bambo kapena Mayi, tikupempha koteshoni ya chitsulo chofewa cha sikweya cha 12 mm x 12 mm, chodula m'zidutswa 60. Utali wa chidutswa chilichonse ukhale 1200 +0/−4 mm, ndiko kuti pakati pa 1196 mm ndi 1200 mm, popima pamalo potalikitsitsa. Nsonga zonse zidulidwe mowongoka ndi macheka kapena disiki, osati ndi makina otsina amene amaphwanya nsonga. Chonde mutiuze utali wa zitsulo zimene muli nazo, chiwerengero cha zitsulo zimene mudule, ndi makina amene mudulire. Mtengo wa chitsulo, wa kudula ndi wa mayendedwe kufika ku Ndirande mulembe paderapadera, ndipo musonyeze ngati msonkho wa vati uli kale m'kati. Zotsalira zonse tidzazitenga. Zidutswa zimene zidzatuluke kunja kwa malirewa tidzazibweza pasanathe masiku awiri kuti mutidulire zina popanda kulipiranso. Ngati malirewa simungawakwanitse, lembani pa koteshoni malire amene mungathe. Mutiuzenso tsiku limene katunduyu angakhale atakonzeka komanso masiku amene mtengowu ukhale usanasinthe."

Ngati ofesi ya ogulitsawo imalemba makalata ake m'Chingerezi, mfundo zake ndi zomwezi, ndipo nambala musazisinthe kalembedwe. Mwaona kuti malire ndawalemba kawiri, ndi zizindikiro komanso ndi nambala zonse ziwiri. Ndachita dala, chifukwa imelo amailandira ndi munthu wa muofesi, koma wodula ali kuseri pa makina, ndipo uthenga umafika kwa iye pakamwa kapena pa kapepala kolembedwa ndi bolopeni. Kachizindikiro kochotsera kamasowa mosavuta panjira yotereyi, pamene "pakati pa 1196 ndi 1200" palibe amene angakumveni molakwika. Pa chifukwa chomwechi musasakanize miyezo. Mukayamba ndi mamilimita, pitirizani ndi mamilimita mpaka kumapeto, osati pena 1.2 m, pena mainchesi monga timayankhulira pa shopu.

Za zotsalira musaziiwale. Ngati koteshoni yawerengera zitsulo zathunthu, zotsalirazo mwalipira ndinu, ndipo zidutswa 15 za mamilimita 1188 ndi katundu wokwanira mawindo ena ang'onoang'ono. Za masiku a mtengo n'zodziwikiratu kwa aliyense amene anali pa bizinesi mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya katundu wochokera kunja n'kusintha nthawi yomweyo.

Koteshoni ikabwera, chinthu choyamba kuyang'ana si mtengo wa pansi uja ayi, koma ngati malire anu alembedwapo. Koteshoni imene yangoti "zidutswa 60 za 1200" yakubwezerani pamene munali ulendo watha, choncho ibwezeni kuti aonjezere mzere umenewo musanalipire dipoziti. Mukatumiza imelo yomweyo kwa ogulitsa awiri kapena atatu, kaya ku Limbe, ku Ginnery Corner kapena ku Makata, yerekezerani chiwerengero cha zitsulo zimene aliyense wawerengera. Wodula motchipa koma wowerengera zitsulo 15 akhoza kukhala wokwera mtengo kuposa wodula mokwererapo amene wawerengera 12.

Tsiku lolandira katundu, musavutike kupima chidutswa chilichonse ndi tepi. Wotchererani tizitsulo tiwiri pa ngodya yachitsulo, motalikirana mamilimita 1200 ndendende, ndipo mudule kachitsulo kopyapyala kochindikala mamilimita 4. Chidutswa chimene chakana kulowa pakati pa tizitsulo tija ndi chachitali, ndipo chimene chalowa koma kachitsulo kopyapyala kaja n'kumagwederabe pampata wotsala ndi chachifupi. Zidutswa 60 zimatha m'mphindi zochepa, dalaivala akuonerera, ndipo zokanidwa muzilembe choko n'kuzitchula pa pepala lolandirira katundu musanasaine.

Mmene zolakwikazo zagwera zimakuuzani chimene chinachitika pa makina, ndipo zimakuthandizani kuyankhula ndi ogulitsa mopanda mkangano. Ngati zidutswa zonse zatsika pansi pa malire, zitaperewera mofanana ndi mamilimita pafupifupi 3 pa utali umene wodula ankafuna kudula, wodula anaika disiki mbali yolakwika ya mzere kapena anapima choimitsira osawerengera makulidwe a disiki. Ngati utali ukunka nukula kuchoka pa zoyamba kufika pa zomaliza, choimitsira chinali chosamanga bwino ndipo chinkasuntha chitsulo chikachigunda. Utali wongomwazikana, china chachitali china chachifupi, umasonyeza kuti ankapima chimodzichimodzi ndi tepi ndi choko popanda choimitsira. Koma mukapeza kuti chidutswa chimodzi pa zisanu zilizonse n'chachifupi ndi mamilimita 10 kapena 12, pamene zinazo zili bwino, dziwani kuti anadula zinayi pa 1200 n'kukuponyerani chotsalira ngati chachisanu, ndipo zidutswa 12 zimenezo n'zimene muyenera kubweza pamodzi ndi kope la koteshoni ija.